Kalata yotseguka kwa oyang'anira sukulu zogonera komweko m'chigawo cha Kum'mawa: za ana amene amadzivulaza

Kwa mkulu wa maphunziro m'chigawo chathu, akuluakulu a maphunziro m'maboma onse kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, ahedi, ametroni ndi aphunzitsi olangiza ana,

Olemekezeka,

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Kapata muno mu Chipata. Zaka zanga zomalizira pantchito ndinali mphunzitsi wolangiza ana pasukulu ina ya atsikana yogonera komweko. Sukuluyo sinditchula, chifukwa zimene ndinene zimachitika m'sukulu zambiri, ndipo zina mwa zolakwazo ndinazichita ndine ndemwe. Ndikulemba za mwana amene wapezeka ndi mabala odzicheka yekha pamkono kapena pantchafu, komanso za zimene ife akuluakulu timachita m'ola loyamba titaona mabalawo. Ola limenelo ndi limene timaliwononga kawirikawiri, ndipo inu muli ndi mphamvu yolikonza ndi pepala limodzi lokha.

Mwana woyamba amene ndinamuona wotero, ndinakuwa. Ndinamugwira mkono n'kuukwezera m'mwamba pamaso pa anzake, ndikufunsa kuti, "N'chiyani ichi? Ukufuna kutipha ndi mtima?" Pofika madzulo sutikesi yake inali itakhuthulidwa pansi, ametroni atatenga lezala ndi kampasi ya masamu, ahedi atamulembetsa kalata yolonjeza kuti sadzachitanso. M'mawa mwake pa asembule panalankhulidwa za "ana ena amene abweretsa zausatana pasukulu pano". Dzina silinatchulidwe, koma sukulu yonse inatembenuka kumuyang'ana. Anatumizidwa kwawo masabata awiri kuti akamupempherere. Atabwerera, mikono yake inali yopola, ndipo tinadzitamanda kuti tathana nazo. Patapita miyezi nesi ndi amene anapeza kuti anangosamukira kuntchafu, kumene sitiyang'ana. Sanandiuzenso kanthu mpaka anamaliza sukulu. Chimene tinam'phunzitsa tsiku lija ndi kubisa bwino.

Pamene tinalakwitsa poyamba ndi pa funso lakuti mwana amachitiranji zimenezi. Tinali ndi mayankho atatu okonzeratu: walodzedwa, akufuna kuti anthu amuone, kapena akufuna kudzipha. Ana ambiri amene ndinakhala nawo pansi pambuyo pake ananena zosiyana ndi zonsezi, ndipo mawu awo ankafanana modabwitsa. Wina amati, "Amadamu, mumtima mumadzaza, mumakhala ngati muphulika, ndikatero mumaphwa." Wina amati thupi lonse limachita dzanzi, amakhala ngati kulibe, ndiye ululu umam'bwezera m'thupi mwake. Ena amadzilanga, chifukwa mawu akuti ndiwe chitsiru, ndiwe wopanda pake, anawamva kambirimbiri mpaka anasanduka mawu awoawo.

Zimenezi sizovuta kumvetsa ngati tikumbukira mmene thupi limagwirira ntchito. Ululu wapakhungu umakoka maganizo onse kupita pamalo amodzi, moti nkhawa zija zimayamba zaima. Thupi nalo likavulala limatulutsa timadzi take tochepetsa ululu, ndipo munthu amamva kupepukidwa. Kupepukako ndi kwenikweni, si bodza la mwana, koma kumatha pakapita mphindi zochepa. Kenako pamabwera manyazi ndi mantha oti aonedwa, mtima umadzazanso, ndipo mutu umakumbukira chimene chinathandiza dzulo. Ndi mmene chizolowezi chimamerera. Tonse timadziwa bambo amene amati akakangana ndi akazi awo amathamangira kukachasu. Sitinena kuti kachasuyo ndi wabwino, komanso sitidabwa kuti amapitirako chiyani. Mwana wodzivulaza nayenso wapeza mankhwala oipa a matenda enieni. Mukam'landa lezala n'kusiya matendawo, lezala ndi ya pakantini, agula ina.

Zakuti akufuna kuonedwa zimagwa zokha mukaona mmene amabisira. Mu Okutobala, dzuwa la kuno likung'amba miyala, mwana ali m'juzi ya manja aatali. Amasamba yekha anzake atatuluka, amakana masewera, amati anakandika ndi waya kudimba. Ndipo ngakhale atakhala kuti akufunadi kuonedwa, mwana amene wafika podzivulaza kuti wamkulu amuyang'ane ndiye woyenera kuyang'anidwa kumene.

Si nkhani ya atsikana okha. Anyamata amamenya khoma ndi nkhonya mpaka zala kutupa, amadziwombetsa mutu, ena amadziwotcha, ndipo ife timangolemba m'buku la chilango kuti ndi waukali. Sinso matenda a ana a anthu olemera a ku Lusaka. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana akaphatikizidwa amasonyeza kuti pafupifupi wachinyamata mmodzi mwa asanu ndi mmodzi aliwonse anadzivulazapo dala, ndipo ambiri amayamba ali pakati pa zaka 12 ndi 14. Pali nkhani ina imene ikanandiletsa kukuwa ndikanaidziwa kale. Mu 2012 magazini ya zachipatala ya Lancet inasindikiza zotsatira za ofufuza a ku Australia amene anatsatira achinyamata kwa zaka zambiri. Mwa amene ankadzivulaza ali achichepere, pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi anali atasiya pofika kuuchikulire. Ambiri amatulukamo. Komabe mwana wodzivulaza ali pachiopsezo chachikulu choyesa kudzipha kuposa anzake, choncho sitinganene kuti n'zaubwana, zisiyeni zidzatha zokha. Zonse ziwirizi n'zoona pamodzi, ndipo wamkulu ayenera kuzigwira zonse popanda kunjenjemera.

Ndifotokoze za mwana wachiwiri, amene ndinachita naye bwinoko nditaphunzira kwa nesi wina wodziwa za matenda a maganizo. Ndimutcha Esinati, si dzina lake. Anali ndi zaka 15, ali giredi 10. Mnzake wapabedi loyandikana ndi amene anabwera kwa ine akulira, akuti waona magazi pashiti kawiri ndipo si a kumwezi.

Sindinamuitanitse kudzera kwa pulifeketi, chifukwa mwana woitanidwa ndi pulifeketi amadziwa kuti wapalamula, ndipo kalasi yonse imadziwa naye. Ndinadikira nthawi yopuma, ndinamupempha andinyamulire makope kupita kuofesi. Titalowa ndinatseka chitseko, ndinakhala pabenchi pambali pake, osati kuseri kwa tebulo. Ndinati, "Esinati, sunalakwe kanthu. Ndaona kuti masiku ano suvula juzi, ndipo ndikuganiza kuti mwina pali mabala. Ana ena zinthu zikawalemera amadzivulaza kuti mtima uphwe. Kodi ndi zimene zikukuchitikira?" Anakhala chete nthawi yaitali. Kukhala chete kumeneko kumavuta kwa mphunzitsi, pakamwa pamayabwa kuti ulalikire. Ndinadziletsa. Kenako anagwedeza mutu.

Chotsatira chinali bala, osati ulaliki. Ndinamupempha ngati angalole kuti ndione, ndipo ndinayesetsa kuti nkhope yanga isasinthe, chifukwa mwana amawerenga nkhope asanamve mawu. Panali mizere yakale yoyera ndi itatu yatsopano, yosazama. Apa pakufunika kuti ametroni aliyense adziwe zinthu zochepa. Bala likamatuluka magazi, likanikizeni ndi nsalu yoyera kwa mphindi khumi osasuzumira. Likasiya, tsukani ndi madzi oyera, phimbani. Osathira phulusa, mankhwala otsukira mano kapena dothi. Ngati magazi sakusiya, ngati bala layasama moti m'mphepete simukukumana, ngati zala zachita dzanzi kapena sizikupindika, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa kusoka kumafuna bala la maola ochepa. Funsani za jekeseni ya kafumbata, makamaka ngati chitsulo chinali chadzimbiri. Masiku otsatira yang'anirani kutupa, kutentha pabalapo, mafinya ndi kutentha thupi.

Pang'ono za mphini. Ambiri a ife tili nazo, ndipo ametroni ena amasokoneza ziwirizi. Mphini zotemera kwa sing'anga zimakhala zazifupi, zofanana msinkhu, zakale mofanana, kawirikawiri zakuda chifukwa cha mankhwala opakamo, ndipo mwana amanena mosavuta kuti anam'temera ambuya ake. Mabala odzicheka amakhala a masiku osiyana, ena opola ena aawisi, pamalo amene dzanja lake limafika mosavuta, ndipo nkhani yake imasinthasintha.

Nditamanga bala ndinafunsa funso limene aphunzitsi ambiri amaliopa. Ndinati, "Mwanawanga, ndikufunsa mosabisa. Pamene umachita izi, umafuna kufa, kapena umafuna kuti zowawa za mumtima zichepe? Unaganizapo zodzipha?" Timakhulupirira kuti kutchula imfa n'kuiitana, ndipo kufunsa mwana zotere n'kum'patsa nzeru. Ofufuza anayesa zimenezi kangapo ndipo sanapeze kuti kufunsa kumadzala maganizowo. Mwana amene ali nawo kale amapepukidwa kuti wina walimba mtima kutchula. Esinati anayankha kuti nthawi zina amalakalaka atagona osadzuka, koma sanakonzepo njira iliyonse, ndipo amaganizira mng'ono wake. Ndinafunsabe: unamwapo chilichonse kuti udzivulaze? Unayesapo kale? Pali chimene wasunga? Zonse anati ayi.

Akanayankha mwina, tsiku limenelo likanayenda mwina. Mwana amene wanena kuti akufuna kufa ndipo waganizira njira kapena tsiku, amene anayesapo kale, amene akugawa katundu wake ndi kutsanzika, kapena amene akumva mawu m'mutu mwake omulamula, sasiyidwa yekha ngakhale popita kuchimbudzi, ndipo amapita kuchipatala tsiku lomwelo ndi wamkulu. Ndipo chonde lembani ichi ndi zilembo zazikulu: mwana amene wameza chinthu apite kuchipatala ngakhale akuseka ndi kuyenda bwinobwino. Mapiritsi wamba a mutu akamwedwa mopitirira amawononga chiwindi mwakachetechete, ndipo zizindikiro zimaoneka patapita tsiku kapena masiku, nthawi yabwino yothandiza itadutsa. Mankhwala ophera tizilombo, amene m'chigawo chino cha thonje ndi fodya ali pafupifupi m'nyumba iliyonse, ndi oopsa koposa. Musam'sanzitse, musam'mwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi amchere monga timachitira kumudzi. Tengani botolo kapena paketi yake, thamangani. Amene ali pafupi ndi tauni ali ndi chipatala chachikulu cha Chipata, a ku Katete ali ndi cha Fransisko Woyera, a kumalire ali ndi cha Mwami, ndipo kumene kuli kutali kiliniki yapafupi iyambe ndiyo n'kutumiza.

Funso lina limene silidumphidwa ndi lakuti pali amene akukuchita zoipa, kuno kapena kunyumba, kukugwira thupi, kukumenya, kukuopseza. Kwa ana ena kudzivulaza ndi utsi wa moto umenewo. Ndi chifukwa chake lamulo lakuti "itanani makolo msanga" lili ndi msampha. Ngati wochita nkhanzayo ndi amene amasaina lipoti la mwana, foni yanu yam'bwezera mwanayo m'kamwa mwa fisi. Pamenepo nkhani imapita kwa a zachisamaliro cha anthu paboma ndi kunthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ndipo lamulo la ana la 2022 lili kumbali ya mwanayo. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, mwana angathe kuimba yekha, mphunzitsi nayenso angaimbe kufunsa nzeru.

Kwa Esinati sikunali nkhanza zotero. Atate ake anamwalira ali giredi 8. Amake ankalima kumudzi, ndipo amalume ake a m'tauni ndi amene ankam'gulira sopo, shuga ndi yunifolomu. Amalumewo sanali munthu woipa, koma foni iliyonse inkathera pa mawu amodzi: ndalama zanga zisapite pachabe, ukalephera ubwerera kukalima. Iye anali wachisanu ndi chitatu m'kalasi ndipo ankadziona ngati wakuba.

Anandipempha kuti ndisauze munthu. Apa ndi pamene ambiri timagwa, mbali iyi kapena iyo: timalonjeza chinsinsi chimene sitingasunge, kapena timaulutsa m'chipinda cha aphunzitsi pa tiyi. Ndinamuuza zoona. Ndinati, "Sindingasunge ndekha, chifukwa usiku ine kulibe. Adziwa anthu atatu: nesi, ametroni ndi ahedi. Aphunzitsi ena ayi, mapulifeketi ayi. Kunyumba munthu mmodzi ayenera kudziwa, koma usankhe ndiwe, ndipo tidzawauza uli pomwepo." Anakwiya, analira, kenako anasankha amake.

Sindinamulembetse lonjezo lakuti asiya. Kalata zimenezi zimatonthoza ahedi, sizithandiza mwana. Akadzachitanso, ndipo ambiri amachitanso, amakhala ndi milandu iwiri, bala ndi lonjezo losweka, ndiye amabisa. Chimene tinapangana n'chakuti akachita adzabwera kudzamangitsa bala ndipo sadzakalipidwa. Sitinasecha sutikesi. Ndinam'pempha kuti zimene amagwiritsa ntchito azisunge kwa ametroni mwa kufuna kwake, ndipo patapita sabata anapereka. Kusecha ndi kulanda ndi kwa mwana amene moyo wake uli pachiswe tsiku limenelo, osati kwa aliyense.

Ntchito yeniyeni inali kumapeto kwa kope lake la jogalafe. Tinajambula mizere: tsiku, nthawi, chimene chinachitika chilakolako chisanabwere, mphamvu yake kuyambira 0 mpaka 10, ndi chimene anachita. Lachitatu lililonse tinkakhala mphindi makumi awiri kuyang'ana. Poyamba ankati zimangobwera zokha ngati chimfine. Patatha masabata atatu kope linayankha: pafupifupi zonse zinali Lamlungu madzulo, atalankhula ndi amalume pafoni ya ametroni, kapena usiku wa tsiku limene mapepala a mayeso abwezedwa. Nthawi yake inali imodzi, pulepu itatha, magetsi atazimitsidwa. Ataona yekha anati, "Ndiye kuti si misala, amadamu?" Anali akuganiza kuti mapeto ake ndi ku Chainama, chipatala cha odwala maganizo ku Lusaka.

Chilakolako chodzivulaza chimakwera, chimafika pamwamba, n'kutsika, ngati mvula ya mabingu ya mu Novembala. Mphamvu yake sikhala pa 9 kwa usiku wonse. Choncho sitinanene kuti usachite, tinanena kuti dikira mphindi khumi ndi zisanu, ndipo m'mphindi zimenezo chita chinthu chogwira thupi, chifukwa uphungu wa mawu sulowa m'mutu umene ukuyaka. Chimene chinam'gwirira bwino ndi madzi ozizira: kuviika nkhope m'beseni kwa kamphindi atagwira mpweya, kawiri kapena katatu. Madzi ozizira pankhope amatsitsa kugunda kwa mtima, ndipo njira imeneyi imaphunzitsidwa m'chithandizo chimene anayambitsa katswiri wa ku Amereka Marsha Linehan. Mwana wodwala mtima asaichite asanafunse kuchipatala. Mu Okutobala madzi a pampopi amakhala ngati tiyi, ndiye ametroni anaika mtsuko pakhonde pawo. Anayesanso kupuma motulutsa mpweya pang'onopang'ono, kuchapa masokosi mwamphamvu, ndi kulemba kalata yaukali kwa amalume n'kuing'amba. Kupumako anati n'zopanda pake. Kuchapa kunathandiza. Chilakolako chikapitirira 7, anali ndi chilolezo chogogoda kwa ametroni n'kungonena kuti "ndafuna madzi", ndipo iwo ankadziwa, ankam'khazika pampando osam'funsa mafunso.

Foni ya Lamlungu tinaisuntha kuti izikhala masana, kwaya isanayambe, kuti akatsitsa foni apite pakati pa anthu osati kubedi.

Amake anabwera pa minibasi, atavala chitenje chatsopano, ali ndi mantha kuti mwana ali ndi mimba. Nditafotokoza anayamba kulira, akuti ndi anthu a kumudzi amene sakondwa kuti mwana wamasiye ali kusekondale. Sindinatsutsane nawo za ufiti, ndipo sindinawaletse kupemphera, inenso ndimapemphera. Ndinati, "Amake Esinati, pempherani naye, koma osati pagulu, ndipo asam'gwire anthu kum'fuulira kuti chituluke. Akamva kuti mwa iye muli chiwanda, adzadzida koposa, ndipo kudzida ndi kumene kumam'chititsa." Ndinawapempha zinthu zitatu za patchuthi cha Disembala, nthawi imene mankhwala a m'munda amakhala pakhomo: mankhwalawo ndi mapiritsi akiyidwe kapena akasungidwe kwa ena, asam'vule kuti aone mikono tsiku ndi tsiku, ndipo madzulo azim'funsa kuti lero mtima uli bwanji, osati lero wadzichekanso. Amalume tinawalankhula padera. Anadabwa, iwo ankaona ngati akulimbikitsa.

Nesi anam'tumiza kuchipatala kukaonana ndi wa matenda a maganizo, chifukwa anali atatha masabata oposa awiri akudzuka pakati pa usiku, osafuna kudya, osakondwa ndi kanthu. Zimenezo ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, ndipo kuwayeza si ntchito ya mphunzitsi. Malire athu tiziwadziwa. Ine ndinali wogwira dzanja, osati dokotala.

Sizinathe ngati nthano. Poyamba ankadzivulaza katatu kapena kanayi pasabata. Pofika kumapeto kwa temu yotsatira kunali kamodzi pa masabata angapo. Ali giredi 12, mayeso oyeserera atayandikira, anachitanso kawiri sabata imodzi, ndipo ametroni anati zonse zija zapita m'madzi. Ine ndinaona zina: anabwera yekha m'mawa, bala atalitsuka kale, n'kunena chimene chinayambitsa. Poyeza ngati zikuyenda, musawerenge mabala okha. Onani ngati mipata ikutalika, ngati mabala akuchepa kuzama, ngati mwana akubwera asanachite kapena atangochita. Zikuipa ngati mabala akuzama, akusamukira malo atsopano, njira zikuchuluka, mwana akunena kuti sizikuthandizanso, kapena wasiya kubwera. Mawu akuti sizikuthandizanso ndi oopsa kwambiri, chifukwa amene mankhwala ake asiya kugwira amafuna amphamvu. Pamenepo funso la kudzipha lifunsidwenso. Silifunsidwa kamodzi kokha.

Mudzandiuza kuti mukapanda kulanga, dometore yonse iyamba. Mantha amenewo ali ndi maziko, khalidweli limatha kufalikira pakati pa mabwenzi. Koma chimene chimalifalitsa ndi phokoso: chilengezo cha pa asembule, kuvula ana onse kuti muone mikono, mapemphero a usiku wonse a kalasi imodzi. Zikatero mwana aliyense wosweka mtima waphunzira kuti njira ilipo. Chothandiza ndi kulankhula ndi anzake apamtima mmodzimmodzi, kuwafunsa mmene iwo alili, ndi kupempha mwini wake kuti mabala aawisi aziphimba ndipo asafotokozere anzake mmene amachitira. Mnzake wa Esinati uja ndinam'yamikira, ndinamuuzanso kuti si mlonda, usiku azigona, akaona chodetsa nkhawa auze ametroni basi. Ana onse aphunzitsidwe za nkhawa ndi kumene angapite, popanda kutchula njira zodzivulazira kapena kuloza munthu.

Lamulo la maphunziro la 2011 limaletsa kukwapula ndiponso kuchititsa mwana wasukulu manyazi monyoza umunthu wake. Kukweza mkono wa mwana pamaso pa anzake, monga ndinachitira ine, sindikuona kuti kungatchedwe dzina lina. Tili ndi lamulo la umoyo wa maganizo la 2019. Chimene chikusowa ndi malangizo ofika m'manja mwa ametroni amene ali yekha ndi atsikana mazana usiku. Kuyambira 2022, maphunziro atakhala aulere, makalasi adzaza, ndipo mphunzitsi wolangiza ana amakhalanso ndi mapiriyodi ake onse. Ineyo ndinkaonana ndi Esinati pa nthawi ya nkhomaliro yanga.

Pempho langa ndi ili. Tumizani kusukulu iliyonse pepala limodzi, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, lopachikidwa m'nyumba ya ametroni ndi m'chipinda cha odwala. Linene kuti mwana wodzivulaza sachotsedwa sukulu, salangidwa ndipo satchulidwa pa asembule. Linene za kusamalira bala, mafunso ofunsa ndi mawu ake enieni, zizindikiro zopitira kuchipatala tsiku lomwelo, anthu atatu oyenera kudziwa, ndi choti muchite ngati kunyumba ndi kumene kuli vuto. Pansi pake palembedwe nambala ya 116, ndi dzina la wogwira ntchito wa kuchipatala chapafupi amene sukuluyo yapangana naye, kuti pasakhale kufunsana pakati pa usiku kuti galimoto ipite kuti ndipo mafuta alipira ndani. Mphunzitsi wolangiza ana mum'chotsereko mapiriyodi angapo, mum'patse chipinda chokhala ndi chitseko. Ndipo pamsonkhano wa ahedi wa temu ikubwerayi, patulani m'mawa umodzi kuti ametroni ndi aphunzitsi ayeserere awiriawiri kufunsa kuti "unaganizapo zodzipha?" mokweza, mpaka mawuwo asiye kukakamira pakhosi. Ine zinanditengera maulendo angapo pamaso pa nesi uja ndisanathe kulinena osatsitsa maso.

Ngati mufuna wina wokalemba nawo pepalalo, makope anga akale ndikadali nawo, mayina ndinafufuta kale, ndipo ofesi yanu ndi ulendo wa njinga imodzi kuchokera kuno ku Kapata.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito, Chipata